Msambo Ukatha, Kuchipinda Sikutsekedwa

Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi amamuzungulira. Akamalowa m'banja, azakhali ndi alangizi a kumpingo amachezera naye usiku wonse. Pakati poyamba pali malangizo ake, ndipo akachira amauzidwa nthawi yoti adikire asanabwerere kwa mwamuna wake. Koma mayi yemweyo akafika zaka za m'ma 50, msambo n'kusiya, palibe amene amamuitanira pambali. Aliyense amaganiza kuti ntchembere yaikulu ikudziwa zonse, poti ndi iyo imene ikulangiza ena. Kwa abambo ndiye kulibiretu. Mwamuna wa zaka 60 akaona kuti thupi layamba kuchedwa kudzuka, zimene amamva ndi nthabwala za pabawo zonena za anthu ogwa mu mpapaya, ndipo amasekera limodzi ndi anzakewo mtima uli phaphapha.

Chonsecho anthu achikulire sanasiye kukhala malo amodzi. Kafukufuku wina amene Emily Freeman ndi Philip Anglewicz anasindikiza mu 2012, wochokera m'midzi ya kuno ku Malawi, anapeza kuti mwa abambo a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse ananena kuti anagonanapo ndi munthu m'chaka chimene chinali chitangotha. Kwa amayi a msinkhu womwewo anali mmodzi mwa anayi. Kusiyanaku kuli ndi zifukwa zake: amayi ambiri a msinkhu umenewo ndi amasiye, ndipo abambo ambiri amakwatira akazi aang'ono kwa iwo. Koma pali chifukwa china chimene sichitchulidwa, ndipo ndi chimene ndikufuna tikhalepo. Amayi ambiri amasiya chifukwa akumva kuwawa, osati chifukwa choti mtima wasiya kufuna amuna awo. Kuwawako kuli ndi chiyambi chodziwika, ndipo kuli ndi mankhwala.

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, ndipo achipatala amati msambo wathadi pakadutsa miyezi 12 yathunthu osaona magazi. Chimene chimachitika n'chakuti timatumba ta mazira timasiya kupanga homoni yotchedwa esitirojeni. Homoni imeneyi ndi imene imasunga khungu la m'njira ya mayi kuti likhale lochindikala, lonyowa ndi lotamuka. Ikachepa, khungulo limapyapyala, magazi amafikako ochepa, chinyezi chimachedwa kubwera ngakhale mayiyo ali wofuna, ndipo pakhomo pamatha kuthina. Tizilombo tabwino timene timateteza njirayo timachepanso, n'chifukwa chake amayi ena amayamba kudwaladwala matenda a m'chikhodzodzo, kumva kutentha pokodza kapena kukodza pafupipafupi. Pafupifupi theka la amayi amene anasiya kusamba amakumana ndi zina mwa zimenezi.

Apa pali msampha. Kutentha kuja kobwera mwadzidzidzi, koyambira pachifuwa kukwera kumaso, ndi thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, zimavutitsa kwa zaka zingapo koma kwa ambiri zimadzatha zokha. Ndiye mayi amaganiza kuti kuuma nakonso kudzatha kokha, angopirira. Sikutha. Kukapanda kusamalidwa kumangowonjezeka chaka ndi chaka.

Tiyerekeze banja limodzi, lofanana ndi mabanja ambiri amene timapemphera nawo. Mayi ali ndi zaka 53 ndipo anasiya kusamba zaka zitatu zapitazo. Bambo ali ndi zaka 61, amamwa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Poyamba mayi amangomva kukhuzika, kenako kuwawa ngati pachekedwa, ndipo m'mawa mwake mkodzo umawotcha. Chimene chimabwera m'mutu mwake ndi matenda opatsirana pogonana: abambowa ayamba kuyenda. Amakagula makapisozi pagolosale, amasamba kunjirako ndi sopo ndi madzi otentha, mwinanso kuikako mankhwala azitsamba amene mnzake wamupatsa. Zonsezi zikuwonjezera kuuma. Thupi likazolowera kuti chikubwerachi n'chowawa, minofu ya pakhomo imadzimanga yokha lisanakhudzidwe n'komwe, ndipo ululu umakula. Mayi sanena kanthu. Amangoyamba kuchedwa kukhitchini mpaka bambo atagona, kenako amaitana kamdzukulu kuti kazigona nawo, ati kamaopa mdima.

Bambo naye akuwerenga zake. Kwa iye, mkazi wake wamutaya chifukwa waona kuti mphamvu zachepa. Ndipo zachepadi: thupi limene kale linkadzuka ndi maso okha tsopano likufuna kukhudzidwa, likadzuka silikulimba ngati kale, ndipo limatha kugwa pakati panjira. Tsiku limene mwayi wapezeka, amafulumira kuti thupi lisamugwere, pamene mayi akufunika nthawi yotalikirapo kuposa kale kuti anyowe. Kufulumira kwa bambo kukupweteka mayi, kudzimanga kwa mayi kukugwetsa bambo. Pakatha chaka, nyumba ili ndi mphasa ziwiri, ndipo akapita kwa ankhoswe nkhani imene amakanena ndi ya ndalama za feteleza.

Palibe wolodzedwa pamenepa, palibenso wachiwerewere. Matupi awiri asintha nthawi imodzi, eni ake osauzana.

Nanga mayi angasiyanitse bwanji kuuma ndi matenda? Kuuma kobwera ndi kutha kwa msambo kumawawa kwambiri pakhomo, poyambirira penipeni, ndipo chikazi chimakhala chochepa kapena kulibiretu. Kuyabwa kobwera ndi chikazi choyera chokhuthala, kumene ambiri amati mauka, kumachepa msambo ukatha, kotero kukamabwerabwera pa msinkhu umenewu ndi bwino kuyezetsa shuga. Ululu wa m'kati, m'chinena, kapena chikazi chamadzimadzi chonunkha, kapena chosakanikirana ndi magazi, si kuuma wamba. Zimenezo n'zofunika kuti wachipatala aone ndi maso, ndipo tibwererako.

Chithandizo choyamba n'chosavuta mpaka ena amachinyoza. Ndi mafuta oterereza opangira ntchito imeneyi, aja okhala ngati jelo woyera, opangidwa ndi madzi, amene amagulitsidwa m'mafamase popanda kalata ya dokotala. Amapakidwa pakhomo pa mayi ndi pathupi la bambo nthawi yomweyo yokumana, osaumira, ndipo akayamba kuuma amawonjezera. Malovu amauma msanga. Vaselini, mafuta odzola onunkhira ndi mafuta ophikira zimafooketsa kondomu mpaka kuphulika, ndipo zonunkhirazo zimawotcha khungu lopyapyala kale. Posamba, madzi okha kunja akukwana. Kulowetsa sopo, zala kapena nsalu m'kati n'kuchotsa chinyezi chochepa chimene chatsalacho. Malangizo ena amene atsikana amapatsidwa, oti mwamuna amakonda pouma ndi pothina, ndi oipa kwa mtsikana yemweyo, koma kwa mayi wa zaka 55 ndi ovulaza ndithu.

Mafuta oterereza amachepetsa kukhuzika koma sabwezeretsa khungu. Chimene chimalibwezeretsa ndi esitirojeni woika kunjira komweko, amene amabwera ngati kirimu kapena timapiritsi tolowetsa. Kawirikawiri amaikidwa usiku uliwonse kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako kawiri pa mlungu. Kusintha kumayamba kumveka pakatha milungu ingapo, ndipo kumafika pake pa miyezi itatu. Amene amalowa m'magazi ndi wochepa kwambiri, kotero si chimodzimodzi ndi mapiritsi akumwa a mahomoni amene ena amawaopa. Amathandizanso kuchepetsa matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza aja. Malire ake ndi awa: ukasiya, kuuma kumabwerera pang'onopang'ono, mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere ayenera kukambirana kaye ndi dokotala wake, ndipo amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake sayamba mankhwalawa asanayezedwe. Sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndipo nthawi zambiri munthu amalemberedwa kuti akagule ku famase ya m'tauni. Komabe wachipatala sangalembe chimene sanauzidwe. Mayi akangoti "m'thupi monse mukuphwanya", adzabwerako ndi panado. Mawu ake ndi ochepa: "Adokotala, ndinasiya kusamba, ndiye ndikakhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba kukumauma, ndikumamva kuwawa." Ngati pali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanu ndipo pakamwa pakulemera, pemphani namwino wachizimayi. Palibe cholakwa pamenepo.

Pali chikhulupiriro chimene chimatseka zitseko zambiri kuposa ululu, ndipo ndi bwino kuchiyankha mwaulemu chifukwa amene amachinena ndi amayi athu. Amati msambo ndi umene umatsuka umuna m'thupi la mkazi, ndiye mayi amene anasiya kusamba akapitiriza kugona ndi mwamuna, umunawo umaunjikana mpaka mimba kutupa. Msambo si madzi otsukira. Ndi khungu la m'kati mwa chiberekero limene limakonzedwa mwezi uliwonse kudikira mwana, n'kuyoyoka mimba ikapanda kuima. Umuna umene bambo amatulutsa sudzadza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Wambiri umatuluka wokha, wotsalawo thupi limausungunula. Taganizirani za amayi amene amabayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu: ambiri amatha chaka kapena zaka osasamba ali m'banja, ndipo mimba zawo sizitupa ndi umuna.

Chimene akuluakulu anaona n'choona mbali imodzi. Msambo ukatha mafuta a m'thupi amasamukira pamimba, ndiye chiuno chimakula. Palinso amayi achikulire amene mimba imatupadi, yolimba, munthu akuwonda kwina konseku, akudya pang'ono n'kukhuta. Kumeneko kungakhale madzi obwera ndi matenda a chiwindi, a mtima, kapena chotupa cha m'timatumba ta mazira. Kuopsa kwa chikhulupiriro chija n'kwakuti mayi wotereyu amachita manyazi, poganiza kuti mimbayo ikumuulula kuti sanasiye za kuchipinda, ndiye amabisala m'nyumba m'malo mopita kuchipatala.

Mwambo wathu umaonanso mayi wosiya kusamba ngati munthu wozizira, woyenera kunyamula khanda la masiku ochepa ndi kugwira ntchito zina zimene anthu otentha saloledwa poopa mdulo. Ndi ulemu waukulu, koma umabwera ndi katundu wake: mayi amene akufunabe mwamuna wake amadziona ngati wakuba. Amene asankha yekha kupumula asankha bwino, ndipo pasapezeke womukakamiza, ngakhale mwamuna wake. Koma asankhe chifukwa mtima wake watero, osati chifukwa choopa kutupa mimba kapena kusekedwa ndi apongozi.

Za chilakolako chenichenicho, pali mfundo imene dokotala wa ku Canada, Rosemary Basson, anafotokoza m'chaka cha 2000, ndipo amayi ambiri akaimva amagwedeza mutu. Kwa anthu ambiri amene akhalitsa m'banja, makamaka amayi, chilakolako sichiyamba chokha ngati njala. Chimabwera pambuyo, munthu atayamba kale kugwiridwa bwino ndi amene amamukhulupirira. Mayi amene akudikira kuti amve kufuna kaye ndiye ayandikire akhoza kudikira mpaka kale, n'kumaganiza kuti zinatha. Nyemba zouma sizipsa pa moto wa mapesi. Zimene kale zinkatenga mphindi ziwiri tsopano zingafune mphindi 20 za kucheza, kusisitana ndi kuseka, ndipo nthawi imeneyo ikuthandiza onse awiri, chifukwa bambo naye thupi lake likufuna dzanja. Usiku munthu atatopa ndi kumunda si nthawi yokhayo. M'mamawa thupi la bambo limamvera bwino, ndipo mawondo ndi msana zimakhala zitapuma. Kugona chammbali kumapeputsa chiuno chowawa, ndiponso mayi akakhala kuti ndiye akuwongolera, amadziwa yekha polekezera. Masiku ena n'kungofunda limodzi, kudzozana mafuta kumsana, n'kugona. Banja limene limaona zimenezi ngati kulephera limasiya ngakhale kukhudzana, chifukwa aliyense amaopa kuti akayamba afunika kumaliza.

Tibwerere kwa bambo uja wa zaka 61. Kuchedwa kudzuka, kufuna kukhudzidwa, ndi kutenga tsiku kapena masiku asanathenso kubwereza, ndi ukulu chabe. Koma kulephereratu kwa miyezi ingapo motsatizana si ukalamba wokha. Thupi la mwamuna limadzuka ndi magazi, ndipo mitsempha yake ndi yaing'ono kuposa ya mtima, kotero ndi imene imayamba kuonetsa kuti shuga, kuthamanga kwa magazi kapena fodya zikuwononga. Kwa abambo ambiri vutoli limatsogolera matenda a mtima ndi zaka zingapo. Njira imodzi yodziwira ndi iyi: ngati m'mamawa thupi limadzukabe lolimba koma limagwa pamaso pa mayi, nthawi zambiri ndi nkhawa, ngati ndi m'mamawa momwe linasiya pang'onopang'ono, kayezetseni shuga ndi magazi. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga aja okodzetsa ndi atenololo kapena puropuranololo, amathanso kufooketsa. Abambo ena akazindikira zimenezi amangosiya kumwa mwakachetechete, n'kudzagwa ndi sitiroko. Chofunika n'kuuza wachipatala, chifukwa alipo mankhwala ena amene angasinthire.

Ambiri amayamba ndi gondolosi, ndipo kutafuna muzu umenewo sikutsegula mitsempha imene shuga yawononga. Choopsa kwambiri ndi timabotolo ndi timapaketi ta "mphamvu za abambo" togulitsidwa m'misika ndi m'mabasi. M'mayiko ambiri zoterezi zapezeka zitasakanizidwa mobisa ndi silidenafilo, mankhwala a mu Vayagira, pa mlingo wosadziwika. Silidenafilo weniweni, amene anayamba kugulitsidwa mu 1998, amagwira ntchito kwa abambo ambiri. Amamwedwa pafupifupi ola limodzi nthawi isanakwane, kamodzi kokha pa tsiku, ndipo dokotala amayambira pa mamiligalamu 50, kapena 25 kwa okulirapo. Sabweretsa chilakolako, amangothandiza magazi pamene chilakolako chilipo kale. Amene amamwa mankhwala a mtima a gulu la manaitireti, monga aja oika pansi pa lilime chifuwa chikathina, asawayandikire n'komwe, chifukwa magazi amatsika mwadzidzidzi mpaka munthu kufa. Thupi likadzuka osagwa kupitirira maola anayi, ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala usiku womwewo.

Ndipo bambo asamwe mankhwalawa mobisa. Taganizani m'nyumba muja: mayi ali ndi khungu lopyapyala louma, miyezi yadutsa osakhudzidwa, bambo n'kutulukira ndi thupi la mnyamata wa zaka 25. Zotsatira zake ndi kung'ambika ndi magazi, ndipo mayi sadzafunanso. Ngati banjali likufuna kubwererana, dongosolo labwino n'lakuti mayi ayambe ndiye kulandira chithandizo, milungu ingapo idutse akungogona pafupi popanda kulowana, bambo akayezetse shuga n'kuunikitsa mankhwala ake, kenako ayese modekha ndi mafuta oterereza, atagwirizana kuti pakawawa aima. Kuyamba nkhaniyo ndiye phiri. Siyambika pamphasa usiku. Imayambika masana, ana kulibe, mwina pobwera kumunda: "Bambo, sikuti ndakutayani ayi. Thupi langa lasintha, ndikumamva kuwawa. Tiyeni tikaonane ndi achipatala." Abambo ambiri akamva zimenezi amapuma, poti iwo ankayesa kuti mlandu ndi wawo.

Mawu awiri kwa amene akuganiza kuti msinkhu ndi chitetezo. Mimba imathekabe msambo ukamadumphadumpha. Achipatala amalangiza kupitiriza kulera kwa chaka chimodzi kuchokera pa msambo womaliza ngati mayi wapitirira zaka 50, ndi zaka ziwiri ngati sanafike. Ndipo HIV siona imvi. Khungu lopyapyala limachekeka msanga, ndiye kachilombo kamalowa mosavuta kuposa kale. Amasiye amene apezana ndipo akufuna kumanga banja, chinthu chimene ana awo sayenera kuchita nacho manyazi, akayezetse limodzi asanalowane. Amene ali pa ma ARV ndipo kachilombo sikakuonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana, choncho kumwa mankhwala mokhulupirika ndi mbali ya chikondi chomwecho.

Tsopano za magazi zija. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse, ndipo chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri ndi timagazi totuluka mayi akangokumana ndi mwamuna. N'zoona kuti kuuma kokha kumatulutsanso timagazi, ndipo amayi ambiri akayezedwa amapezeka kuti ndi kumeneko. Koma palibe njira yosiyanitsira zimenezi kunyumba. Kuyeza kwa viniga kumene kumachitika m'zipatala zambiri kunakonzedwa makamaka kwa amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo msambo ukatha malo amene khansa imayambira amabwerera m'kati moti viniga sangaonetse bwino. Choncho mayi wamkulu amene akutaya magazi asakhutire ndi mawu akuti zaka zoyezera zinadutsa. Apemphe kuti amuone ndi chipangizo choonera m'kati, ndipo ngati pakufunika amutumize ku chipatala cha boma lake kapena ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu, kumene angathe kuunika chiberekero ndi kutenga kanyama kokayeza.

Amayi, ngati miyezi 12 inadutsa musakusamba ndipo mwaona magazi, ngakhale kadontho kamodzi pa kabudula wam'kati, musati msambo wabwerera. Tengani buku lanu la kuchipatala mupite mlungu uno. Abambo, aperekezeni.